Buku likusonyeza phindu, koma ndalama zolipira antchito palibe

Funso: Ndili ndi bizinesi yaing'ono yogulitsa sopo ndi mankhwala oyeretsera kumaofesi ndi kumalo ogona alendo. Makasitomala ambiri amatenga pangongole. Buku langa limasonyeza phindu mwezi uliwonse, komabe kawiri chaka chino ndalephera kulipira antchito pa tsiku lake. Tsopano ndapeza oda yaikulu ya miyezi iwiri, Julayi ndi Ogasiti, ndipo m'malo mosangalala ndili ndi mantha. Ndikonze bwanji bajeti yoti indiuziretu mwezi umene ndalama zindithere?

Yankho: Mayi, manthawo musawanyoze, chifukwa akukuuzani zoona. Buku lanu silikunama, kungoti likuyankha funso lina. Buku la phindu limalemba malonda tsiku limene katundu watuluka pakhomo, pamene antchito anu amalipidwa ndi ndalama zimene zafika m'manja. Pakati pa masiku awiriwa pamadutsa masabata anayi, asanu ndi atatu, nthawi zina kuposerapo, ndipo nthawi yonseyo inu mwalipira kale katunduyo. Bajeti ya ndalama ili ndi lamulo limodzi lokha limene zina zonse zimatsamira: ndalama iliyonse muziilemba pa mwezi umene ilowe kapena kutuluka m'manja mwanu, osati pa mwezi umene mwagulitsa kapena umene mwalandira invoisi. Mukasunga lamulo limeneli, zotsalazo ndi kuphatikiza ndi kuchotsera basi.

Yambani ndi ndalama zimene muli nazo lero. Werengani za kubanki, za m'kabati ndi za mufoni, muphatikize. Kenaka chotsani cheke chilichonse chimene munalemba koma mwini wake sanakatape, chifukwa banki ikuonetsabe ndalamazo ngati zanu pamene zinapita kale. Zimene makasitomala sanakulipireni musaziike pano ngakhale atalonjeza ndi malumbiro. Katundu ali pashelefu nayenso si ndalama. Nambala imene yatsalayo ndi imene mukutsegulira mwezi woyamba, ndipo ikalakwika miyezi yonse yotsatira ilakwika nayo.

Ntchito yaikulu ili pa ndalama zolowa, ndipo ndikupemphani kuti apa musathamange. Anthu ambiri amalemba zimene akuyembekezera kugulitsa n'kuzitcha zolowa. Inu chitani chosiyana. Tengani mainvoisi a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndipo pa iliyonse lembani tsiku limene munapereka katundu ndi tsiku limene ndalama zinafikadi. Musayang'ane zimene zinalembedwa pa invoisi kuti alipire pasanathe masiku 30. Yang'anani zimene anachita. Mukamaliza mudzaona kuti makasitomala anu ali ndi chizolowezi, ndipo chizolowezicho sichisinthasintha kwambiri. Chimenecho ndicho mudzagwiritse ntchito poneneratu za mtsogolo.

Popeza manambala anu enieni ali kwanuko, tiyeni tigwiritse ntchito achitsanzo a bizinesi yonga yanu. Ndawachotsa maziro kuti asatilemere, inu mudzaikamo anu. Tinene kuti mutafufuza mwapeza kuti pa 100 iliyonse imene mwagulitsa, 40 imalowa mwezi womwewo, 40 imalowa mwezi wotsatira, 18 imalowa patatha miyezi iwiri, ndipo 2 siibwera n'komwe. Kanambala kotsirizaka anthu sakonda kukalemba, koma amene amagulitsa pangongole aliyense ali nako, ndipo kukabisa sikukachotsa. Tinenenso kuti mu Epulo munagulitsa 800, mu Meyi 900, mu Juni mukuyembekezera 1,000, mu Julayi ndi Ogasiti 1,500 mwezi uliwonse chifukwa cha oda ija, ndipo mu Sepitembala ndi Okutobala malonda abwerera pa 1,100.

Mu Juni mudzalowa zigawo zitatu. Choyamba ndi 400, chochokera pa malonda a Juni womwewo. Chachiwiri ndi 360, chochokera pa 900 ya Meyi. Chachitatu ndi 144, chochokera pa 800 ya Epulo. Zonse pamodzi ndi 904. Onani kuti mwagulitsa 1,000 koma mwalandira 904. Mukachita chimodzimodzi pa Julayi mupeza 600, 400 ndi 162, zomwe zikupanga 1,162, pamene malonda ndi 1,500. Ogasiti akupereka 1,380, ndipo Sepitembala 1,310. Pa miyezi inayi imeneyi, Sepitembala yekha ndi amene mukulandira zoposa zimene mwagulitsa, chifukwa ndi pamene ndalama za oda yaikulu zikufika malonda atatsika kale. Umu ndi mmene zimakhalira nthawi zonse kwa wogulitsa pangongole: malonda akamakwera ndalama zimatsalira m'mbuyo, malonda akamatsika ndalama zimaoneka zambiri. N'chifukwa chake mwezi umene m'thumba mwadzaza ungathe kukhala mwezi umene bizinesi yayamba kufooka.

Tsopano zotuluka. Chachikulu pa zonse ndi katundu wooda, ndipo funso ndi lomwe lija la nthawi. Tinene kuti katundu wogulitsa 100 mumamugula pa 60, ndipo mumamugula mwezi umodzi asanagulitsidwe, kulipiriratu. Ndiye kuti mu Juni mukulipira 900 ya katundu wa Julayi, ngakhale malonda a Juni ndi 1,000 yokha. Mu Julayi mukulipiranso 900 ya katundu wa Ogasiti. Mu Ogasiti ndi Sepitembala mukulipira 660 mwezi uliwonse.

Zina zimabwera mwezi ndi mwezi ndipo sizivuta kuzikumbukira. Malipiro a antchito tiike 150. Mayendedwe, magetsi, foni ndi zina zing'onozing'ono tiike 70, koma zikwere kufika 100 m'miyezi ya oda yaikulu chifukwa maulendo okapereka katundu achuluka. Kubweza ngongole ya kubanki 50. Ndipo 80 ndi imene inuyo mumatenga kukagwiritsa ntchito kunyumba. Mzere umenewu ndimaulimbikira kwambiri, chifukwa eni mabizinesi ambiri saulemba, amangotapa pang'onopang'ono m'kabati, ndipo kumapeto kwa mwezi amadabwa kuti ndalama zalowera kuti. Dzipatseni malipiro odziwika, pa tsiku lodziwika, ngati wantchito wina aliyense.

Zimene zimagwetsa anthu ndi zolipira zobwera mwa apo ndi apo: lendi ya miyezi itatu, msonkho, inshuwalansi ya galimoto, laisensi ya bizinesi, kukonzetsa makina. Sizibwera mwadzidzidzi ayi, masiku ake amadziwika chaka chisanayambe, kungoti mutu wa munthu umasunga zinthu za mwezi ndi mwezi n'kutaya za pachaka. Njira yozigwirira ndi kutenga sitetimenti ya kubanki ndi malisiti a miyezi 12 yapitayi n'kuyenda nazo mzere ndi mzere. Chilichonse chachikulu chimene chinatuluka kamodzi kapena kawiri chilembeni pa mwezi wake, chonse chathunthu. Musachigawe pa miyezi 12 monga amachitira m'buku la phindu, chifukwa mwini nyumba sadzalandira gawo la 12, adzafuna zonse tsiku limodzi. Pachitsanzo chathu tiike lendi ya miyezi itatu, 180, mu Julayi, ndi msonkho wa 90 mu Ogasiti.

Pali zinthu zingapo zimene zimasokoneza amene anazolowera buku la phindu. Kutsika mtengo kwa galimoto kapena makina chifukwa cha kukalamba kumalembedwa m'buku la phindu, koma mu bajeti iyi sikulowa, popeza palibe ndalama imene yatuluka. Kubweza ngongole kumalowa konse, mpamba ndi chiwongoladzanja chomwe, pamene buku la phindu limangotenga chiwongoladzanja chokha. Mukagula makina, mtengo wonse ulembeni pa mwezi umene mwalipira. Ndipo ngati mumatolera msonkho wa boma pa malonda anu, ndalama imeneyo imalowa mu akaunti yanu koma si yanu. Ilembeni polowa, muilembenso potuluka pa tsiku lokapereka. Ndaona mabizinesi abwinobwino akugwiritsa ntchito ndalama ya msonkho kuodera katundu, tsiku lokapereka likafika n'kuyamba kukongola kuti alipire, kuwonjezapo chindapusa cha kuchedwa.

Tiyeni tiphatikize. Mwezi uliwonse tengani zimene mwatsegulira, muonjezere zolowa, muchotse zotuluka, ndipo zotsalazo ndi zotsegulira mwezi wotsatira. Tinene kuti mukutsegula Juni ndi 300. Zolowa ndi 904, zotuluka ndi 1,250, choncho mukutseka Juni mukuperewera 46. Julayi akuyambira pa kuperewera komweko, zolowa 1,162, zotuluka 1,460 chifukwa cha lendi ija, ndipo mukutseka mukuperewera 344. Mu Ogasiti zolowa ndi 1,380, zotuluka 1,130, kuperewera kwatsika kufika 94. Mu Sepitembala zolowa 1,310, zotuluka 1,010, ndipo mwatuluka m'dzenje muli ndi 206 m'manja.

Taimani kaye pa Julayi. M'buku la phindu umenewu ndi mwezi wokoma koposa. Mwagulitsa 1,500, katundu wake anali wa 900, mukachotsa malipiro, mayendedwe, lendi ya mwezi umodzi, ngongole zosabwezedwa ndi chiwongoladzanja, phindu likuyandikira 250. Koma ndi mwezi womwewo pamene dzenje lazama kufika 344. Palibe amene waba, palibe chimene mwalakwitsa, oda yaikuluyo ikungofuna kuti muilipirire katundu miyezi iwiri ndalama zake zisanabwere. Walira mvula walira matope. Matope a oda yanu ndi 344 imeneyi, ndipo ubwino wake ndi woti mwawaona mvula isanagwe.

Nambala imene mukuifuna pa bajeti yonse ndi imeneyo, malo otsikitsitsa. Koma kuti mufike pa ziro sikokwanira, chifukwa ziro alibe malo oti kasitomala mmodzi achedwe. Sankhani ndalama yoti musamatsike pansi pake. Pa bizinesi yonga yanu ine ndimayambira pa malipiro a antchito a mwezi umodzi, omwe pano ndi 150. Choncho zimene muyenera kupeza Julayi asanathe si 344 koma 494, tingoti 500.

Tsopano ndikuuzeni pamene chitsanzochi chikutinamiza, chifukwa ndi pomwe bajeti zambiri zimanamira eni ake. Taigawa oda yatsopano ija molingana ndi chizolowezi cha makasitomala anu akale, 40, 40 ndi 18. Koma 500 yoonjezera pa mwezi ikuchokera kwa kasitomala mmodzi, amene simunagulitsaneko naye. Chizolowezi cha anthu ambiri sichinena kanthu za munthu mmodzi. Mabungwe akuluakulu kawirikawiri amakhala ndi ndondomeko yawo yolipirira, invoisi imadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo salipira gawo, amalipira zonse kamodzi tsiku lawo likakwana. Tiyerekeze kuti uyu amalipira patatha masiku 60. Ndiye kuti 200 imene tinaiyembekezera mu Julayi kulibe, ndipo 400 imene tinaiyembekezera mu Ogasiti kulibenso. Julayi akutseka mukuperewera 544, Ogasiti 694, ndipo ngakhale Sepitembala, 500 yoyamba itafika, mukadali pansi ndi 184. Dzenje lakula kawiri ndipo lasamukira mwezi wina. Kusintha kamodzi kokha, kwa kasitomala mmodzi.

Choncho kasitomala aliyense amene amatenga gawo lalikulu la malonda anu, tinene loposa gawo limodzi mwa magawo khumi, apatsidwe mzere wakewake, ndi tsiku lake lolipira. Ndipo tsikulo musalimve kwa amene wakupatsani oda, chifukwa iye amafuna katundu, salemba cheke. Pitani kwa a ku ofesi ya zachuma mufunse mafunso enieni. Masiku amayamba kuwerengedwa liti, tsiku lopereka katundu kapena tsiku limene invoisi yavomerezedwa? Amalipira masiku ati pa mwezi? Invoisi iyenera kukhala ndi chiyani kuti isabwezedwe? Invoisi yobwezedwa chifukwa chosowa nambala ya oda imayambanso kuwerenga masiku kuchokera pachiyambi, ndipo mwezi wathunthu umatayika pa kalakwidwe ka mzere umodzi.

Dzenje mukalidziwa kukula kwake ndi mwezi wake, mumayamba ndi njira zosadya ndalama. Yoyamba ndi kukambirana ndi amene amakugulitsani katundu. Mukuoda zochuluka kuposa kale, choncho muli ndi pokambira. Tinene kuti wavomera kuti kuyambira Juni muzilipira theka potenga katundu ndi theka patatha masiku 30. Pa bajeti yoyamba ija, Juni akutseka muli ndi 404, Julayi 106, Ogasiti 236, Sepitembala 536. Simunagulitse china chilichonse choonjezera, mwangosuntha tsiku. Mwini nyumba akavomeranso kuti lendi muzilipira mwezi ndi mwezi, Julayi akukwera ndi 120 kufika 226, ndipo mwadutsa malire anu a 150.

Koma ngati kasitomala watsopano ndi wa masiku 60, njira ziwirizi sizikwanira, Ogasiti akutsekabe mukuperewera 304. Apa ndi pofunika kupita kwa kasitomalayo. Mungapemphe dipoziti musanayambe kupereka katundu, kapena kuti muzipereka sabata ndi sabata ndi invoisi yakeyake, kuti masiku ayambe kuwerengedwa msanga ndiponso kuti inu musaode katundu yense nthawi imodzi. Ena amachotsera kasitomala kamtengo kuti alipire msanga. Njira imeneyi imagwira, koma muiwerengere mtengo wake: kuchotsa 2 peresenti kuti ndalama ifike masiku 30 msanga kuli ngati kukongola pa chiwongoladzanja choposa pang'ono 24 peresenti pa chaka. Yerekezani ndi zimene banki ikufuna musanavomere.

Ngongole ibwere pomaliza, ndipo ikhale yofanana ndi dzenjelo, yaifupi, yoti ibwezedwe ndalama za oda zikafika. Ovadirafuti, pamene banki imakulolani kutapa zoposa zimene zili mu akaunti yanu, ndi imene inapangidwira ntchito yotere, chifukwa chiwongoladzanja mumalipira pa zimene mwagwiritsa ntchito ndi masiku amene mwazigwiritsa ntchito. Pitani kubanki mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, pepala la bajeti lili m'manja, mukuonetsa mwezi umene mutenge ndi mwezi umene mubweze. Wopita kubanki kutatsala masiku awiri kuti alipire antchito sapeza thandizo pa nthawi yake, ndipo amathera kwa okongoza a katapira. Mukakongola, chiwongoladzanja ndi kubwezako muziikenso mu bajeti, muone ngati phindu la odayo likadalipo. Ndipo ngati dipoziti yakanidwa, wokugulitsani wakana, banki yakana, kutenga theka la oda si manyazi. Ndi bwino kupereka theka mokhulupirika kusiyana ndi kutenga yonse n'kulephera kuodera makasitomala akale amene amakudyetsani chaka chonse.

Pali chinthu china chimene ndikuganiza kuti ndi chimene chinakugwetsani kawiri kaja. Bajeti ya mwezi imangoonetsa tsiku lomaliza la mwezi, siionetsa zochitika m'kati. Tengani Julayi uja titakambirana ndi wokugulitsani katundu, lendi ikadali ya miyezi itatu: mukutsegula ndi 404, mukutseka ndi 106, ndipo papepala palibe kuperewera. Tiugawe m'masabata. Sabata yoyamba mukulipira lendi 180 ndi theka la katundu wa mwezi watha 450, pamene zolowa ndi 200 zokha, ndiye mwaperewera kale 26. Sabata yachiwiri mukulipira 450 ya katundu watsopano ndi 50 ya mayendedwe, zolowa 250, kuperewera kwafika 276. Sabata yachitatu zolowa 250, zotuluka 100, mukuperewera 126. Sabata yachinayi makasitomala ambiri akulipira, 462 ikulowa, mukulipira antchito ndi kutenga yanu, n'kutseka ndi 106 ija. Mwezi umene ukuoneka wabwino unali ndi masabata atatu opanda ndalama. Izi zimachitika chifukwa zolipira zimakonda kuunjikana kumayambiriro kwa mwezi pamene makasitomala amakonda kulipira kumapeto, ndipo kuchedwa kwa masiku atatu okha kumakankhira ndalamazo kuseri kwa tsiku la malipiro.

Choncho khalani ndi mapepala awiri. La miyezi, loona miyezi isanu ndi umodzi kapena 12 kutsogolo, ndi lokonzekerera zinthu zikuluzikulu. La masabata ndi loyendetsera tsiku ndi tsiku. Akatswiri a zachuma amakonda la masabata 13, omwe ndi miyezi itatu, koma ngati zimenezo zikukuchulukirani, gawani m'masabata mwezi uliwonse umene ukutseka pafupi ndi malire anu. Pa la masabata musagwiritse ntchito maperesenti. Lembani invoisi iliyonse ndi dzina la mwini wake pa sabata imene mukukhulupirira kuti alipira, ndipo amene amachedwa nthawi zonse mumuike pa sabata ya kuchedwa kwakeko.

Kope la masamu ndi pensulo n'zokwanira pa ntchito yonseyi. Ngati muli ndi kompyuta, Excel kapena pulogalamu ina yotere imathandiza poti mukasintha nambala imodzi zina zonse zimasintha zokha, ndipo mungathe kuyesa mofulumira kuti zikhala bwanji wina akachedwa. Tinene kuti Juni ali m'danga B, Julayi m'danga C, zotsegulira zili pa mzere 2, zolowa zonse pa mzere 8, zotuluka zonse pa mzere 18, ndi zotsekera pa mzere 19:

```
B19: =B2+B8-B18
C2:  =B19
```

Mzere wachiwiriwo ndi umene anthu amaiwala. Akalemba pamanja zotsegulira za mwezi uliwonse, kuperewera kwa Juni sikuyenda kukafika mu Julayi, ndipo dzenje lenileni silioneka.

Mwezi ukatha, ikani manambala enieni pambali pa amene munaneneratu, mzere ndi mzere. Pamene pali kusiyana dzifunseni funso limodzi: kodi ndalamayi yangochedwa, kapena siibweranso? Ngati munayembekezera 904 n'kulandira 790 chifukwa kasitomala wina walonjeza kulipira sabata ya mawa, 114 yotsalayo muisunthire ku mwezi wotsatira ndipo mumuimbire lero. Koma ngati kusiyanako kwabwera chifukwa malonda atsika, kapena mtengo woodera wakwera kuchoka pa 60 kufika 66, ndiye kuti miyezi yonse ya kutsogolo iyenera kukonzedwanso. Zolowa zikamaperewera miyezi itatu yotsatizana malonda asanatsike, chizolowezi cha makasitomala chasintha, ndipo 40, 40 ndi 18 uja ayenera kuwerengedwanso kuchokera ku mainvoisi atsopano. Mukatero chotsani mwezi wathawo, muonjezere wina kumapeto, kuti nthawi zonse muziona mtunda wofanana kutsogolo.

Pomawerenga bajetiyo muzisiyanitsa maenje awiri. Pali dzenje longa la chitsanzo chathu, limene limazama kenaka n'kudzaza lokha ndalama za malonda zikafika. Limenelo ndi la nthawi, ndipo kusuntha masiku kapena ngongole yaifupi kumalithetsa. Koma ngati zotsekera zikutsika mwezi ndi mwezi osabwereranso, ngakhale malonda ali pamodzimodzi ndipo palibe cholipira chachilendo, vuto si masiku. Ndiye kuti mtengo wogulitsira ndi wotsika, kapena zolipira za mwezi ndi mwezi zakula kuposa bizinesi, kapena zopita kunyumba zaposa phindu, kapena katundu wosayenda akuunjikana pashelefu. Dzenje lotere mukalithira ngongole limangozama, chifukwa mwaonjezerapo chiwongoladzanja. Pa zimene mwafotokoza, lanu likuoneka la mtundu woyamba, koma pepala ndi limene litsimikize.

Musanasaine oda imeneyi, chitani zinthu ziwiri sabata ino. Khalani pansi ndi mainvoisi a miyezi isanu ndi umodzi mupeze chizolowezi cha makasitomala anu, kenaka pitani ku ofesi ya zachuma ya kasitomala watsopanoyo mukamve tsiku lenileni lolipira. Mukabwerako lembani bajetiyo kawiri, koyamba ndi tsiku limene akuuzani, kachiwiri mutaonjezerapo masiku 30. Nambala yotsikitsitsa ya pepala lachiwiri, kuphatikizapo malipiro a antchito a mwezi umodzi, ndi imene mupite nayo kwa wokugulitsani katundu, kwa mwini nyumba ndi kubanki, Juni asanafike pakati.